Imelo ya ndime zisanu imene a Wapampando sanayankhe: ndiifupikitse motani?

Mlembi_Chiparamba

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Ine ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi kunja kwa Chipata, ndipo malamulo athu amanena kuti ndalama yoposa K5,000 siituluka popanda chilolezo cholembedwa cha wapampando. Wapampando wathu ali ku Lusaka sabata ino pa msonkhano. Lachiwiri ndinawalembera imelo iyi, pa mutu wakuti "Lipoti la za soya":

"Okondedwa a Wapampando, ndikhulupirira kuti munafika bwino ku Lusaka ndipo muli moyo. Kuno tonse tili bwino, kupatula a Msungichuma amene anadwala malungo sabata yatha, koma tsopano achira.

Monga mukukumbukira, pa msonkhano wa mwezi watha tinagwirizana kuti chaka chino tisagulitse soya kwa ogula oyendayenda m'midzi, koma timusonkhanitse pa shedi ndi kukamugulitsa pamodzi m'tauni. Mamembala amvera, ndipo pofika Lolemba tinali ndi matumba 300 a makilogalamu 50, onse oyezedwa ndi osokedwa.

Loweruka ndinapita ku Chipata kukaonana ndi wogula uja. Anandidikiritsa nthawi yaitali, koma pomaliza tinakambirana bwino, ndipo wavomera kusunga mtengo umene tinapangana mpaka Lachitatu la sabata ya mawa. Likadutsa tsikulo, akuti adzagula pa mtengo umene udzakhalepo.

Pobwerera ndinafunsa za mayendedwe. Mwini lole yaikulu ya matani 15 akufuna K9,000, olongeza ndi ake, ndipo angabwere Lolemba, koma akufuna kumva kwa ife pofika Lachisanu 12 koloko masana chifukwa pali ena amene akuifuna. Mwini lole yaing'ono ya matani 7 akufuna K7,500 pa ntchito yonse, angayambe Lachiwiri, ulendo umodzi pa tsiku, maulendo awiri. Zingakhale bwino titamva maganizo anu.

Pomaliza, loko wa pa shedi wawonongeka, ndipo mlonda akufunsa za malipiro ake. Zina tidzakambirana mukabwera."

Lachitatu m'mawa anayankha kuti, "Zikomo a Mlembi, ndalandira. Pitirizani ntchito yabwino." Sananenenso china. Lero ndi Lachinayi, ndipo ndiyenera kulembanso dzuwa lisanalowe. Ndichotse chiyani ndi kusiya chiyani, osaoneka ngati ndikuwalamula?

Mnyamata_wa_Kapata

A Mlembi, bwanji osangowaimbira foni? Nkhani ya mphindi ziwiri mukuisandutsa mlandu. Kapena tumizani uthenga womwewo pa WhatsApp, popeza akuluakulu ambiri imelo amaitsegula mwa apo ndi apo.

Mlembi_Chiparamba

Ndawaimbira kawiri, achimwene, koma masana foni yawo imakhala yozimitsa. Imelo amatsegula ndithu, chifukwa anayankha. Komanso ngakhale atavomera pakamwa, a Msungichuma sangatulutse ndalama popanda cholembedwa chimene angachiike m'faelo.

Mphunzitsi_Chadiza

Vuto ndi kutalika. Chitani monga momwe timaphunzitsira ana kufupikitsa nkhani: ndime iliyonse ikhale chiganizo chimodzi. Ine ndikanalemba motere: "Ndikhulupirira kuti muli bwino. Tasonkhanitsa matumba 300 a soya. Wogula wavomera kusunga mtengo mpaka Lachitatu. Malole alipo awiri, ya K9,000 ndi ya K7,500, ndipo tikufuna maganizo anu. Loko wa pa shedi wawonongeka ndipo mlonda akufuna malipiro." Ziganizo zisanu m'malo mwa ndime zisanu, ndipo palibe nkhani imene yatayika.

Nabanda_wa_Ofesi

Aphunzitsi, mwadula bwino, koma mwasiya pempho pa malo omwe aja. Poyamba linali m'ndime yachinayi, tsopano lili m'chiganizo chachinayi, ndipo tsiku la Lachisanu, limene ndilo likuwopseza a Mlembi, lagwera m'njira. Ine ndakhala ndikulembera mabwana makalata zaka zambiri, ndipo ndinene kuti a Wapampando sanalakwe poyankha kuti "ndalandira". Anayankha zimene anafunsidwa. Mutu wa imelo unati ndi lipoti, ndipo lipoti munthu amalilandira ndi kuthokoza. Pa foni, munthu asanatsegule imelo amangoona dzina la wotumiza, mutu, ndi mzere umodzi kapena iwiri ya poyambira, ndipo mizere imeneyi a Mlembi anaithera pa kufika bwino ku Lusaka. Munthu wowerenga pa nthawi ya tiyi pakati pa msonkhano amathamangitsa maso pa chiyambi ndi pa mapeto. Pa chiyambi anapeza malungo a a Msungichuma, pa mapeto anapeza "zina tidzakambirana mukabwera", mawu amene akumuuza poyera kuti palibe chofulumira.

Ngakhale amene angafike pa ndime yachinayi sapezapo funso. "Zingakhale bwino titamva maganizo anu" si pempho la chilolezo, ndi mawu amene munthu angawayankhe mwezi wa mawa osadziona wolakwa.

Choncho musanagwire lumo, a Mlembi, yankhani funso limodzi: kodi inuyo mukufuna kuti a Wapampando avomereze chiyani? Imelo yanu siikunena. Mwaika malole awiri patsogolo pawo n'kubwerera m'mbuyo, ngati kuti iwo ali ku Lusaka angadziwe bwino kuposa inu amene munalankhula ndi eni malolewo. Munthu amene sanatsimikize yekha chimene akupempha ndiye amalemba ndime zisanu, chifukwa amaganizira nkhaniyo pa pepala pomwepo. Kuganizira pa pepala n'kwabwino, koma pepala limenelo ndi lanu, si lotumiza.

Mlembi_Chiparamba

Amayi, mwandigwira pomwe. Kunena zoona sindinasankhe. Mtima wanga unali pa lole yaing'ono chifukwa tikanapulumutsa K1,500, koma ndinaopa kuti zikavuta mamembala adzati ndi ine ndinasankha. N'chifukwa chake ndinangoyala zonse kuti iwo aone okha.

Msungichuma_Lundazi

Musanapitirire, tawerengani bwino manambala a m'ndime yachinayi. Thumba la makilogalamu 50 likutanthauza kuti tani imodzi ndi matumba 20. Lole ya matani 7 inyamula matumba 140 pa ulendo, ndipo maulendo awiri ndi matumba 280. Atsala 20 pa shedi. Ndiye kuti maulendo ndi atatu, osati awiri, ndipo ngati akuyamba Lachiwiri n'kumayenda kamodzi pa tsiku, ulendo womaliza ukhala Lachinayi, tsiku la wogula litadutsa kale. Mu ndime zisanu cholakwika chimenechi chinabisala, moti tonse tinawerenga osachiona, ngakhale aphunzitsi amene.

Dalaivala_Petauke

A Msungichuma a ku Lundazi anena zoona. Mwini lole yaing'onoyo mwina akuganiza zokweza matumba 150 pa ulendo, monga ambiri amachitira nthawi ya msika. Ine ndinachitapo zimenezi pa msewu wafumbi ndi nshawa za munthu wina, ndipo masipuling'i anathyoka tisanafike pa tala, tinagona m'tchire masiku awiri kudikira makaniko. Musawerengere ulendo wodzazitsa. Chinanso, imelo yanu ikuti wa lole yaikulu olongeza ndi ake, koma pa yaing'ono siikunena kanthu. Mumufunse. Kukweza ndi kutsitsa matumba 300 si ntchito ya anthu awiri, ndipo anyamata amalipiritsa pa thumba. K1,500 mukuti mupulumutsayo ingathere pomwepo.

Mphunzitsi_Chadiza

Masamu ndavomera kuti sindinawaone. Koma zimenezi zikusonyeza kuopsa kwa kufupikitsa. Tikanangotenga uthenga wa mizere itatu wakuti "vomerezani lole ya K7,500", a Msungichuma_Lundazi sakanapeza matani 7 ndi maulendo awiri oti awerengere. Imelo yaitali ndiyo yatipulumutsa.

Nabanda_wa_Ofesi

Pamenepo mwalasa mbali imodzi, aphunzitsi, ndipo n'chifukwa chake kufupikitsa sikutanthauza kusiya pempho lokha lili mbulanda. Pansi pa pempho pamayenera kukhala mfundo zimene zitasintha, yankho nalonso lingasinthe. Umu ndi momwe ine ndimasefera. Ndimatenga chiganizo chilichonse cha m'kalata yakale n'kudzifunsa kuti, chikanakhala kuti sichili choncho, kodi bwana akanayankha mosiyana? Wogula akanapanda kuwadikiritsa a Mlembi, yankho likanakhala lomwelo, choncho chiganizo chimenecho chichoke. Za msonkhano wa mwezi watha a Wapampando ndiwo anautsogolera, safunika kukumbutsidwa. Koma tsiku la Lachitatu likanapanda kukhalapo, lole yotsika mtengo ikanakhala yabwino, choncho tsikulo likhale. Kuchuluka kwa maulendo ndi nkhani ya olongeza zikhalenso pa chifukwa chomwecho. Mukasefa motere mupeza kuti ndime yoyamba, yachiwiri ndi yachisanu zatsala ndi nambala imodzi yokha, matumba 300.

Lole imene simukuifunayo musaibise. Ipatseni chiganizo chimodzi chokhala ndi mtengo wake ndi chifukwa chimene mwaikanira, chifukwa wapampando akadzamva kwa ena kuti panali lole ya K7,500 imene simunaitchule, uthenga wanu wotsatira sadzaukhulupirira.

Mlembi_Chiparamba

Ndangolankhula ndi mwini lole yaing'ono. Wavomera kuti akapanda kudzazitsa ndi maulendo atatu, ndipo olongeza akuti tipeze tokha. Tsopano ndatsimikiza kuti ndikufuna yaikulu. Ndayesa kulemba motere: "A Wapampando, potsatira imelo yanga ya Lachiwiri yokhudza soya, ndafufuzanso ndipo ndapeza kuti lole yaing'ono ifunika maulendo atatu, zimene zikutanthauza kuti sitingakwanitse tsiku la wogula, choncho ndikuona kuti kungakhale bwino kutenga yaikulu ngati inu mukuona chimodzimodzi."

Mtolankhani_Wakale

Mwayandikira, koma mukuyambabe ndi ulendo wanu m'malo moyamba ndi kumene mwafika. Ife pa ntchito yolemba nkhani tinkaphunzitsidwa kuika chachikulu m'chiganizo choyamba, kenako zotsatira motsika kufunika kwake, kuti mkonzi malo akamuthera angodula kuchokera pansi, nkhani n'kukhalabe yomveka. Wowerenga pa foni ndi mkonzi wotero, amadula pamene waitanidwa kuti msonkhano wayamba. Yesani uthenga wanu motere: bisani ndi dzanja zonse kupatula mizere iwiri yoyamba, muonetse munthu amene nkhaniyi sakuidziwa, mumufunse kuti akupemphedwa chiyani, ndalama zingati, pofika liti. Pa zomwe mwalembazi angoyankha kuti panali imelo Lachiwiri.

Nabanda_wa_Ofesi

Ndikanakhala ine, ndikanatumiza imelo yatsopano, osati kuyankha pa yakale, chifukwa mukadina Reply mutu ukhalabe "Re: Lipoti la za soya", ndipo a Wapampando aganiza kuti mukungothokoza pa kuthokoza kwawo. Pa Subject ndikanalemba kuti: "Ndikupempha chilolezo cha K9,000 ya lole ya soya pofika Lachisanu 12 koloko". M'katimo ndikanati:

"A Wapampando, moni wa ulemu. Ndikupempha chilolezo chanu kuti tilipire K9,000 ya lole ya matani 15, idzanyamule matumba athu onse 300 a soya Lolemba. Mwini lole akufuna yankho lathu pofika Lachisanu, 12 koloko masana.

Wogula wa ku Chipata asunga mtengo mpaka Lachitatu chabe. Lole ina ilipo ya K7,500, koma ndi ya matani 7, ifunika maulendo atatu ndipo ingamalize Lachinayi, komanso olongeza tingalipire tokha. M'imelo yanga ya Lachiwiri ndinalemba maulendo awiri, kumeneko kunali kulakwitsa.

Mukavomera, chonde yankhani pa imelo yomweyi kuti a Msungichuma aone ndi kutulutsa ndalama. Zikomo kwambiri."

Taonani zinthu zingapo. Sindinalembe "mawa", chifukwa akakawerenga Lachisanu m'mawa adzaganiza kuti ali ndi nthawi mpaka Loweruka. Lembani dzina la tsiku, ndipo muwonjezere deti. Kulakwitsa kwa maulendo ndakutchula, koma ndakuika pansi pa pempho, chifukwa mukayamba ndi kupepesa, mizere iwiri yooneka pa foni ithera pa inuyo osati pa lole. A Msungichuma muwaike pa Cc, ndipo muwadziwitse kuti ayang'ane imelo, pakuti a Wapampando akadina Reply m'malo mwa Reply All yankho lifika kwa inu nokha, ndiye muyenera kulitumiza kwa iwo.

Gogo_wa_Feni

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo masamu anu ndi abwino, koma uthenga umenewo ukanafika kwa ine ndikanakhumudwa. Kwathu mlendo akafika amapereka malonje. Amayamba ndi kumene wachokera, mmene wawasiyira a kumudzi, mmene wayendera, ndipo chimene wadzera chimabwera pambuyo, mwini nyumba atakhazikika mtima. Munthu wongofika n'kunena kuti ndipatseni chakuti, timati sanaleredwe. Imelo yoyamba ya a Mlembi inali ya munthu wolemekeza akulu. Iyi yatsopano yayamba ndi ndalama mpweya woyamba usanathe. Wapampando si kalaliki wa ku banki, ndi munthu amene mamembala anamusankha chifukwa cha ulemu wake.

Mnyamata_wa_Kapata

Agogo, ulemu wa imelo yoyamba uja ndi umene watsala pang'ono kugonetsa soya pa shedi.

Mtolankhani_Wakale

Achimwene a ku Kapata, agogo sananame, musawayankhe mwachidule chotero. Malonje ali ndi ntchito yake, ndipo amatheka chifukwa womvera wakhala pa mphasa moyang'anizana nawe, sangachoke usanamalize, ndipo akaona kuti walemedwa amakufunsa yekha kuti kwagwanji. Imelo ilibe nkhope yoti aione. Komanso ngakhale kumudzi, mwana wotumidwa kukanena kuti ng'ombe zalowa m'dimba sapereka malonje, ndipo palibe amene amamutcha wamwano. Funso ndi lakuti uthenga uwu ndi wa mlendo kapena wa mwana wotumidwa uja. Ndi maola ochepa otsalawa ine ndikuti ndi wa mwanayo.

Nabanda_wa_Ofesi

Agogo, ndikupempha tigawane pakati. Ulemu m'kalata yotere umakhala m'mawu amene mwasankha, osati m'kutalika. "Ndikupempha chilolezo chanu" ndi mawu a wamng'ono kwa wamkulu, ndipo akusiya mphamvu yonse m'manja mwa a Wapampando, angathe kukana. Moni ndauika, koma wa mawu atatu kuti pempho lionekebe pa foni. Ngati a Mlembi akuona kuti n'kowuma, awonjezere pa mapeto chiganizo chofunsa za umoyo wawo ndi za msonkhano, pamenepo sichitchinga kanthu. Ndivomerenso kuti pali makalata amene sindingawayambe ndi chigamulo: kuuza munthu kuti ntchito yamuthera, kukana pempho la membala wofedwa, kapena kulembera koyamba munthu amene sakukudziwani. Pamenepo chiganizo chimodzi kapena ziwiri zokonza njira n'zofunika, ngakhale kuti nkhani yeniyeni siyenera kukafika ndime yachinayi.

Gogo_wa_Feni

Kufunsa za umoyo wa munthu pambuyo pomupempha ndalama kuli ngati kusamba m'manja utatha kudya. Komabe ndamva, ndipo ngati moni uli poyamba, ngakhale waufupi, sindilimbana nazo. Chimene sindingalole ndi mutu uja wokhala ndi nthawi ya 12 koloko, ngati kuti mwana akuikira kholo lake malire.

Mlembi_Chiparamba

Agogo, malirewo si anga, ndi a mwini lole. Mwina pa mutu ndilembe kuti "mwini lole akudikira mpaka Lachisanu 12 koloko" kuti zioneke kuti si ine ndikuwathamangitsa.

Dalaivala_Petauke

Wonjezerani mzere wakuti mukapanda kumva kanthu pofika 11 koloko mutenga lole yaikulu basi. Ine abwana anga ndimawalembera choncho za kugula matayala, ndipo sindidikiranso. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Msungichuma_Lundazi

Ayi, a Dalaivala, umenewo ndi msampha. Mzere wotero umagwira ntchito pamene wolembayo ali kale ndi mphamvu yochita chinthucho, ndipo akungopereka mpata woti wamkulu amuletse. Pano malamulo a kopaletivu akuti pamwamba pa K5,000 pafunika chilolezo cholembedwa. Kukhala chete kwa wapampando si chilolezo, ndipo ine monga msungichuma sindingatulutse ndalama pa imelo imene ilibe yankho. Tsiku lowerengera chuma oyendera mabuku amafuna kuona pempho ndi yankho pamodzi. Pa chifukwa chomwechi ndikupempha a Mlembi kuti ndalama, dzina la ntchito ndi tsiku zikhale m'chiganizo chimodzi, monga a Nabanda alembera, kuti yankho lakuti "ndavomera" lisadzakhale lokayikitsa kuti anavomera chiyani. Muphatikizenso makoteshoni a eni malole onse awiri, ngakhale akhale olembedwa pamanja n'kujambulidwa pa foni. Zimene mwadula m'uthenga zikakhale mmenemo, wofuna kuona aone.

Nabanda_wa_Ofesi

Ndikugwirizana ndi a Msungichuma. Chimene mungalembe ndi zotsatira za kusayankha, osati chimene inu muchite: "Ikadutsa nthawiyo, lole ipita kwa ena ndipo tsiku la wogula lingatidutse." Chimenecho ndi chidziwitso, si kulanda mpando.

Dalaivala_Petauke

Ndiye akapanda kuyankhabe, soya awonongekere mtengo chifukwa cha pepala? Ine sindikukhutira. Malamulo anu ayenera kukhala ndi wachiwiri kwa wapampando woti asaine pa nthawi ngati iyi.

Mlembi_Chiparamba

Wachiwiri alipo, koma malamulo athu sanena momveka ngati angavomereze ndalama wapampando ali moyo ndipo akupezeka pa foni. Imeneyo ndi nkhani ya ku msonkhano waukulu. Funso langa lotsala ndi la loko ndi malipiro a mlonda. Ndiziike pansi pa uthengawu m'chiganizo chimodzi? Mlondayo wadikira kale.

Mphunzitsi_Chadiza

Ine ndikuti muziike. Munthu ali kutali ndipo ndi wotanganidwa, kumutumizira maimelo awiri tsiku limodzi n'kumutopetsa. Mutha kuika manambala, choyamba lole, chachiwiri mlonda, iwo ayankhe zonse pamodzi.

Nabanda_wa_Ofesi

Njira ya manambala imatheka ngati nkhani zonse zili zolemera mofanana ndipo zikufunika tsiku limodzi, ndipo pamenepo chiganizo choyamba chiyenera kunena kuti mukupempha zinthu ziwiri. Koma ndaona kambirimbiri bwana akuyankha chosavuta n'kuiwala chovuta. Adzalemba kuti "mlonda alipidwe", n'kutseka foni akuganiza kuti wamaliza, inu n'kutsala opanda lole. Kapena adzalemba "ndavomera" basi, a Msungichuma n'kumafunsa ngati zikukhudza zonse ziwiri. Komanso a Mlembi, loko ndi malipiro a mlonda zikufika K5,000? Ngati sizikufika, sizifunika chilolezo cha a Wapampando n'komwe, kambiranani ndi a Msungichuma lero lomwe.

Mlembi_Chiparamba

Sizikufika, amayi. Ndinaziika chifukwa ndinazolowera kuwauza zonse. Ndatumiza tsopano, 4 koloko itangokwana, monga munalembera, ndi mutu wonena za mwini lole, deti pa tsiku lililonse, chiganizo cha zotsatira, makoteshoni awiri, ndi mzere wowafunira msonkhano wabwino pa mapeto. Ndatumizanso uthenga wa pa foni wa mzere umodzi wowapempha kuti atsegule imelo usiku uno, apo ndatenga nzeru ya achimwene a ku Kapata.

Mtolankhani_Wakale

Yankho lawo likuuzani ngati mwadula bwino. Akavomera kapena kukana, uthenga wagwira. Akafunsa chinthu chimene munalemba kale, ndiye kuti chinakwiririkabe. Akafunsa chimene munachotsa, ndiye kuti lumo linalowa kwambiri.

Mlembi_Chiparamba

Ayankha usiku cha m'ma 8 koloko. Alemba kuti: "Ndavomera K9,000. Koma lole ikafika kwa wogula Lolemba, adzayeza ndi kulipira tsiku lomwelo kapena tidzadikira? Ndipo ndani adzaperekeza katundu?" Mwini lole ndamuuza m'mawa uno ndipo watsimikiza za Lolemba. Za woperekeza sindinalembe m'imelo iliyonse, ngakhale yaitali ija, chifukwa sindinaziganizire. Za kulipira, wogula ananena Loweruka kuti ndalama imalowa ku banki patapita masiku angapo, ndipo zimenezi sindinazilembenso.

Msungichuma_Lundazi

Za masiku olipira zinayenera kulowa, a Mlembi, chifukwa ngati K9,000 ikutuluka Lolemba ndalama ya soya isanalowe, wapampando ayenera kudziwa kuti m'thumba mutsala zingati.

Nabanda_wa_Ofesi

Ine ndikuti sizikanasintha yankho, popeza lole iliyonse imayenera kulipidwa soya asanagulitsidwe, ndipo umboni wake ndi wakuti avomera asanamve. Muwayankhe mafunso awiriwo m'ziganizo ziwiri, motsatira mmene awafunsira.

Msungichuma_Lundazi

Avomera chifukwa nthawi inawapanikiza, amayi, si kuti funsolo linali lopanda pake. Kwathu ine ndikanafuna kuona zotsala m'buku zitalembedwa pansi pa pempho.

Gogo_wa_Feni

A Mlembi, mukamawayankha mafunso awiriwo muyambe ndi kuwathokoza chifukwa cha chilolezo. Tsopano lole yapezeka, palibenso chokuthamangitsani. Ndipo muwauze kuti a Msungichuma anu achiriratu, popeza munawauza za malungo aja.